Ulemu wa munthu umaonekera pokana

Mwana aliyense wa ku pulayimale amadziwa kuti wamkulu timamuti "inu", mnzathu timamuti "iwe". Chifukwa cha ichi anthu ambiri amayesa kuti nkhani ya ulemu m'Chichewa imathera pomwepo. Koma munthu atha kunena "inu" kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, anthu n'kumachoka pamaso pake akudandaula kuti ndi wamwano. Moni sayeza munthu, pakuti mawu a moni ndi oloweza, ndipo ngakhale mlendo amene wakhala kuno sabata imodzi amatha kunena "mwadzuka bwanji". Pamene pamaonekera ngati munthu akudziwa kuyankhula ndi pokana. Pamenepo ndi pamene mawu a kwa akulu, a kwa kasitomala ndi a kwa mnzako amapatukana, aliwonse kulowera njira yake, ndipo wosadziwa amasokoneza njirazo n'kutaya ubale kapena ndalama.

Tiyerekeze mayi wina ali ndi okala m'mbali mwa msewu. Mpamba wake ndi wochepa, Loweruka akuyenera kukapikula katundu, ndiye watsimikiza mtima kuti sabata ino sakongoza munthu. Tsiku limodzi lomwelo pafika anthu atatu. Oyamba ndi bambo achikulire a m'mudzimo, anzawo a malemu bambo ake, akufuna paketi ya shuga ndi botolo la mafuta ophikira, adzapereka akagulitsa mtedza. Wachiwiri ndi mphunzitsi amene amagula pafupipafupi, akufuna katundu wa K12,000 adzalipire pakutha pa mwezi. Wachitatu ndi mnzake wa mayiyu amene anakulira limodzi, akufuna K5,000 ya m'kabati. Yankho kwa onse atatu ndi limodzi. Koma akawayankha mofanana, awiri mwa iwo achoka atapsa mtima.

Kwa bambo achikulire aja, yankho limayamba mawu asanatuluke. Mayiyu sayankhira pazenera la okala ataimirira, akulu ali panja padzuwa. Amatuluka, n'kuwapatsa mpando kapena benchi, iye n'kunjuta kapena kukhala pansi chapambali kuti mutu wake usapose wa akuluwo. Moni amaupereka wonse, osaudula: mwadzuka bwanji, kunyumba adzuka bwanji, nanga miyendo ija ikupezako bwanji. Wamkulu safikira pa pempho. Amayamba ndi mvula, mitengo ya zinthu, alendo amene afika kunyumba mwadzidzidzi. Wodziwa amamva kale kumene nkhaniyo ikulowera, koma sawadula pakamwa ndi funso lakuti "ndiye mumafuna chiyani?" Funso limenelo, ngakhale lili ndi "mu-" waulemu, limauza wamkulu kuti akutaya nthawi ya mwini okala. Amadikira mpaka pempho litatuluka lokha.

Akatero amayankha chonchi: "Zikomo bambo, ndamva. Pepani kwambiri, mwandipeza zinthu zisanayende bwino. Katundu amene mukumuonayu ndiye mpamba wonse, Loweruka ndimayenera ndikapikule wina. Koma alendo asagone osamwa tiyi, tatengani kashuga aka mukawathirire." Ndipo amapereka shuga wa m'kapepala, kapena theka la paketi, ndi manja awiri.

Onani zimene mulibe m'mawuwa. Mulibe "ayi", mulibe "sindikongoza", ndipo ngakhale liwu lakuti "ngongole" silinatchulidwe. Cholakwa chaikidwa pa mpamba ndi pa tsiku, osati pa wopemphayo, kotero kuti bambowa anyamuka ulemu wawo uli wonse. Makolo anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Sunganene kuti "sindichapa", umaiika m'madzi kuti aone kuti mawu awo sanagwe pansi. Kashuga kaja ndiko kuviikako. Ndipo pali nzeru ya malonda m'kati mwake, chifukwa ngongole ya munthu wa msinkhu wa bambo ako sungailonjerere wekha pakhomo pake. Theka la paketi loperekedwa ngati mphatso limatsika mtengo kusiyana ndi paketi yathunthu ndi botolo la mafuta zimene zidzalembedwe m'kope mpaka kope kutha.

Achinyamata ena amati kuyankhula kotereku ndi kuzungulira, ndipo kuzungulira ndi bodza. Ine sindivomereza. Bodza limafuna kuti womverayo akhulupirire chimene sichili choona, koma apa bambo aja amva bwino lomwe kuti akanizidwa, pakuti iwonso anakula ndi kayankhulidwe komweko. Bodza limayamba pamene wokanayo, pothawa manyazi, wanena kuti "mubwere mawa" akudziwa kuti mawa sipadzakhala kanthu. Pamenepo wayendetsa munthu wa miyendo yowawa maulendo awiri, ndipo umenewo ndi mwano woposa "ayi" wapoyera. Malire ake ndi amenewa: bisa liwu lokana, koma usalonjeze tsiku.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri poyankhula ndi akulu ndi chakuti ulemu sukhala pa liwu limodzi. Umamwazikana m'chiganizo chonse, ndipo ukaiwala pamodzi pokha zimamveka ngati mbale yagwa. Munthu amayamba bwino, "Agogo, mwadzuka bwanji?", kenaka n'kupitiriza kuti "ndakubweretsera sopo". Wasiya "-ni" wa kumapeto, ndipo agogo aja wawasandutsa mwana. Ayenera kunena kuti "ndakubweretserani". N'chimodzimodzi ndi "wanu" m'malo mwa "wako", "nanu" m'malo mwa "nawe", "nokha" m'malo mwa "wekha", "ndinu" m'malo mwa "ndiwe". Amene anakulira m'tauni, kapena ana athu obadwira ku Joni ndi ku Mangalande, nthawi zambiri amagwa pa "-ni" ameneyu ndi pa "wekha", osati pa moni.

Ulemuwu umafunikanso ngakhale mwiniwake palibe, ndipo apa pali msampha wina. Tikati "akubwera" kapena "anabwera", mawuwo ndi amodzi kaya tikunena mwana kaya tikunena mfumu, ndiye munthu atha kuyankhula nthawi yaitali osagwidwa. Amagwidwa akafika pa zimene zangochitika kumene, pamene mwana timati "wabwera" koma wamkulu timati "abwera", ndiponso pa "ndamuona" ndi "ndawaona". Mkamwini amene wanena kuti "ndamuona kumunda", akunena apongozi ake, nkhani yake ifika kwa ankhoswe. Pali ngakhale sitepe ina pamwamba pa "inu", yoyankhula ndi munthu ngati ukunena wina: "Agogo adzuka bwanji?" kapena "Amfumu amati tibwere liti?", uku ukuyankhula ndi iwo omwewo. Imeneyi ndi ya apongozi, mafumu ndi okalamba kwambiri, ndipo imafuna mawu otsika. Ukainena mokweza ndi nkhope yolimba imasanduka chipongwe.

Dzina nalo lili ndi malamulo ake. Dzina loyamba la wamkulu silituluka m'kamwa mwa wamng'ono, ngakhale utaliika "a" patsogolo. Timaitana ndi mfunda, a Phiri, a Banda, a Mbewe, ndipo amayi timati a Naphiri, a Nabanda, a Nambewe. Kapena timaitanira dzina la mwana wawo woyamba, kapena ubale: amalume, azakhali, agogo. Kumadera a Ayao, ku Mangochi ndi ku Machinga, "che" ndiye amagwira ntchito ya "a", ndipo ku Lusaka mudzamva "imwe" ndi "ba". Koma "madala", "masteni" ndi "bige" ndi mawu a m'tauni onenera akulu iwo kulibe, kapena oitanira munthu wosamudziwa pa depoti. Kuitana mnzawo wa bambo ako kuti "madala" ndi kuwachotsa pa mpando wa ubale n'kuwaika pa mzere wa anthu odutsa.

Tsopano wafika mphunzitsi uja. Apa anthu amakhalidwe abwino ndi amene amalakwitsa kwambiri, chifukwa amatenga kayankhulidwe ka kwa akulu n'kukabweretsa pa malonda. Amati "aa, tiona aphunzitsi, zinthu zavutako pang'ono", ndipo kasitomala amamva kuti khomo likadali lotsekula. Amayamba kuchonderera, wogulitsa manyazi n'kumugwira, katundu wa K12,000 n'kutuluka. Kapena amabweranso madzulo kudzafunsa ngati "mwaona", ndipo akakanizidwa kachiwiri amamva kuti wapusitsidwa.

Kasitomala amafuna ulemu waufupi ndi mawu omveka. Mayiyu atha kuyankha ali pazenera pomwepo, moni wa chiganizo chimodzi, kenaka: "Pepani aphunzitsi, sabata ino sindikongoza aliyense, ndikusonkhanitsa ya katundu wa Loweruka. Ngati muli ndi K4,000 tengani ufa ndi mchere lero, zinazo ndikusungirani mpaka pa 28." Liwu lakuti "aliyense" ndi limene lanyamula ulemu wonse, chifukwa likuuza mphunzitsiyo kuti sakukayikiridwa iye payekha, ndi lamulo la okala. "Sindikongoza" wamveka poyera. Ndalama yatchulidwa, tsiku latchulidwa. Kwa wamkulu tinabisa liwu lokana n'kupewa kutchula tsiku, kwa kasitomala tikutchula zonse ziwiri. Kusiyana kwake ndi kwakuti wamkulu wabwera ndi ubale umene ulipo kale, pamene kasitomala wabwera ndi ndalama zimene akuyenera kuziwerengera, ndipo munthu sangawerengere pa "tiona".

Kusankha dzina loitanira kasitomala amene sukumudziwa ndi luso lapalokha, pakuti uli ndi kamphindi kochepa koyang'ana nkhope n'kuganizira msinkhu. "Bambo" ndi "mayi" salakwika kwa munthu aliyense amene akuoneka kuti ali pabanja. "Achimwene" ndi "achemwali" ndi a msinkhu wako kapena okuposa pang'ono. "Ankolo", "anti" ndi "asisi" ndi a m'tauni, ndipo amayenda bwino wogulitsa akakhala wachinyamata. Loopsa ndi "agogo". Kumudzi ndi dzina laulemu, koma mayi wa zaka 45 wa mu Lilongwe ukamuitana choncho wamukalambitsa pagulu, ndipo tomato wako sagula. Ukakayika, tsitsa msinkhu, usakweze: "mayi" kwa amene ukanati "agogo". Ngati ntchito ya munthu ukuidziwa, imeneyo ndiyo yabwino koposa, aphunzitsi, anesi, abusa, ashehe, chifukwa imamuuza kuti ukumudziwa.

Pa "bwana" ndiye ndili ndi mawu. Ogulitsa amati liwuli limagulitsa malonda, ndipo pamalo ngati pa Lizulu, pamene basi imaima kanthawi kochepa anthu khumi akukweza mbatatesi ndi kabichi pazenera limodzi, palibe amene angadzudzule mnyamata wofuula kuti "bwana, bwana, ndowa iyi!" Alibe nthawi yofunsa za kunyumba. Vuto ndi lakuti "bwana" wa pamsika amaperekedwa poyang'ana nsapato ndi makiyi a galimoto. Wovala taye ndi "bwana", mayi wovala chitenje chofwifwa amene wanyamula ndalama zambiri kuposa wa tayeyo amamva "mukufuna chani?", ndipo mnyamata wa kabaza, bambo wa ana atatu, amamva "iwe". Ogula nawonso anachenjera. Ambiri akamva "bwana" kapena "bige" amadziwa kuti mtengo wakwera, ndipo amayamba kunenerera asanamve n'komwe kuti ndi zingati.

Choipitsitsa ndi kugwa kwa ulemuwo malonda akalephereka. Pitani pa kaunjika, kapena imani pamene oitanira minibasi amalimbirana anthu. Munthu yemwe uja amene amatchedwa "madamu" akuyesa jekete, akangoibweza pa mulu amamva kumsana kwake kuti "iwe, ngati ulibe ndalama umagwiriranji?" Kuchoka pa "inu" kupita pa "iwe" mkangano uli m'kati ndi mbama ya pakamwa, ndipo aliyense woima pafupi amaimva. Wogulitsayo amayesa kuti wachititsa manyazi munthu mmodzi, koma wauza anthu asanu amene amayang'ana malonda ake kuti ulemu wake ndi wobwereka. Lamulo limene ndingaike pa okala iliyonse ndi ili: munthu wamkulu aliyense ndi "inu", wavala bwino kaya wavala nsanza, wagula kaya sanagule, kuyambira pofika mpaka pochoka.

Kunenerera kumene kuli ndi mawu ake osunga nkhope za onse awiri. Wogula akati "mwadulitsa", wogulitsa wodziwa sati "ndiye pitani kwina". Amafunsa kuti "inu muli ndi zingati?", ndipo akamva mtengo wotsika kwambiri amati "pamenepo ndiye sindipezapo kanthu, wonjezeraniko pang'ono". Akafika pamene sangatsikenso amanena poyera kuti "womaliza ndi umenewu", ndipo m'malo motsitsa amaponyapo banyira, tomato mmodzi kapena awiri. Banyira ndi mbale wake wa kashuga kaja, ndi njira yokanira popanda kubweza munthu chimanjamanja.

Mwana wotumidwa amaphunzitsa zambiri pa nkhaniyi. Mwanayo timamuti "iwe", ndipo palibe cholakwa. Koma uthenga umene akubwerera nawo ndi wa kholo lake, ndiye umanyamula ulemu wa kholo. Tamvani chiganizo ichi: "Ukawauze amayi kuti pepani, ndalamayi yaperewera ndi K300." Mu liwu limodzi lakuti "ukawauze" muli "u-" wa mwana ndi "-wa-" wa amayi ake. Wogulitsa amene anganene kuti "ukamuuze mayi wako" adziwe kuti mwanayo akafikitsa mawuwo monga momwe anawamvera, pakuti ana sakonza uthenga panjira.

Wachitatu ndi mnzake uja. Apa zonse zimene tanenazi zimatembenuzika. "Iwe, lero ayi. Ukudziwa Loweruka ndikupita kukapikula, m'kabatimu muli K38,000 yokha, ndipo ya basi sindinachotse. Ndipeze Lolemba, katundu akayamba kuyenda." Palibe "pepani", palibe mpando, "ayi" ali koyambirira. Koma onani chimene mnzakeyu wapatsidwa, chimene wamkulu ndi kasitomala sanapatsidwe: wauzidwa ndalama zenizeni za m'kabati. Ulemu wa pa chinzake ndi umenewo, kutsekula kope. Mayiyu akanati amuyankhe mnzake kuti "pepani, sabata ino sindikongoza aliyense", liwu lija lakuti "aliyense", limene linatonthoza mphunzitsi, apa likanalasa, chifukwa likumuuza kuti iye ndi mmodzi mwa anthu wamba. Ndipo akanati amukhazike pa benchi n'kumuzungulira ngati bambo achikulire aja, mnzakeyo akanafunsa kuti "kodi ndakulakwira chiyani?"

Tisafulumire kunena kuti chinzake ndi "iwe" basi. Amuna ambiri a ku Blantyre ndi ku Zomba amene anadyera mbale imodzi kusukulu amaitanana "amwene" ndipo amayankhulana ndi "mu-": "Amwene, muli bho?" Ena amati "aise" n'kutsatiza "u-": "Aise, uli kuti?" Amayi amene anadziwana ali kale pabanja atha kukhala pa chinzake zaka 20 akuitanana "amake a uje" ndi "inu", akuuzana zinsinsi zimene sangauze abale awo. M'mabanja ambiri mwamuna ndi mkazi amatchulana "inu" moyo wawo wonse. Choncho chizindikiro sichili pa liwulo, chili pa kusintha. Mnzako amene mumatchulana "iwe" akayamba mwadzidzidzi kukuti "inu" ndi "bambo Phiri" muli awiriwiri, dziwa kuti pali mlandu. Amene mumatchulana "inu" akakuti "iwe", mlanduwo wakula kale.

Chimene chimaononga maubwenzi ambiri ndi kuiwala kuti mawu a pa chinzake ndi a pamalo obisika. Mnzako amene umamunyoza mutu muli pa bawo, ukamupeza ali ndi ana ake, mkazi wake, apongozi ake kapena anthu amene amawayang'anira kuntchito, umamukweza. Umamuti "bambo a uje" kapena mfunda wake, ndipo umalowa mu "inu" mpaka anthuwo atachoka. Iye amamva chimene ukuchita ndipo amathokoza mumtima. Mayi wa okala uja, mnzake akafika pali makasitomala atatu pamzere, sanganene za K38,000 pamenepo. Amati "tandidikirani pang'ono asisi, ndithane ndi awa", kenaka n'kukayankhulana kuseri. Pamaliro napo nthabwala za chinzake zimatsalira kumsewu. Ofedwa, ngakhale ndi mnzako wa pamtima, umamupepesa ndi mawu otsika, ndipo za womwalirayo umati "atisiya", sunena kuti "wafa".

Chikhalidwe chathu chili ndi maubale amene nthabwala ndi zololedwa ngakhale misinkhu isiyane. Asuweni amanyozana, alamu amaseleulana, ndipo agogo aakazi amatha kutcha mdzukulu wawo wamwamuna kuti "amuna anga". Koma ngakhale pamenepo mdzukulu amabweza nthabwalayo ali mu "inu". Agogo ndi amene amatsekula khomo la nthabwala, ndipo ndi iwo amene amalitseka.

Pali chinthu china chimene sukulu siziphunzitsa mokwanira, chakuti "-ni" payekha sasandutsa lamulo kukhala pempho. "Ndipatseni" ndi lamulo lovala jekete. Kuchoka pa "ndipatse" wa kwa mnzako, pali makwerero: "tandipatsani", kenaka "mundipatseko", kenaka "mungandipatseko?", mpaka kufika pa "ndimati mwina mungandipatseko". Ka "-ko" kamachepetsa chimene ukupemphacho kuti chioneke chopepuka. "Ndimati" ndi "ndimafuna" amakankhira pempholo m'mbuyo ngati ndi maganizo akale, kuti wopemphedwayo akakana pasakhale wochita manyazi. "Nawo" amagwira ntchito yomweyo: "timwe nawo madzi", "tidutse nawo". Kwa wamkulu umakwera mpaka pamwamba. Kwa kasitomala umaima pakati, "mungandipatseko K200 kuti ndikubwezereni K1,000 yathunthu?", chifukwa ukakwera kwambiri mzere ukutalika. Kwa mnzako umakhala pansi penipeni, ndipo ukakwera amadabwa.

Makwerero omwewa ndi amene amagwira ntchito tsiku lolonjerera ngongole likafika, ngati inaperekedwa. Mnzako umamulembera pa foni kuti "aise, ija bwanji? Ndikuifuna Lachisanu", ndipo zatha. Kasitomala umamupatsa moni, n'kutchula ndalama ndi tsiku limene munagwirizana: "Ndimakukumbutsani za K12,000 ija, tinapangana pa 28." Wamkulu sumulembera uthenga wa ngongole pa foni. Umapita, kapena umatuma munthu wa msinkhu wake, ndipo ukapita wekha umafotokoza vuto lako osati ngongole yawo: "Ndimati ndikuoneni bambo, komanso katundu wandithera, ndiye ndikuyendera amene angandithandizeko." Iwo amadziwa chimene wadzera.

Povuta penipeni ndi pamene munthu mmodzi wavala zipewa ziwiri, ndipo pa okala zimenezi zimachitika tsiku lililonse. Tiyerekeze bambo achikulire aja abweranso, ulendo uno ndi ndalama. Agula zinthu za K3,500, apereka K5,000, alandira chenji cha K1,500, koma akuumirira kuti anapereka mapepala awiri, a K5,000 ndi a K2,000. Apa iwo ndi wamkulu komanso ndi kasitomala. Kwa mnzako ukanati "ukunama iwe". Kwa kasitomala wamba ukanati "ayi bambo, mwandipatsa K5,000 yokha". Kwa awa mawu onse awiri sangatheke, chifukwa wamkulu sauzidwa pagulu kuti walakwitsa, koma K2,000 siingatayike chifukwa cha ulemu, ndipo kuwapatsa ndalamayo mwakachetechete ndi kuvomera kuti unafuna kuwabera.

Njira yake ndi kugawa ntchito: mawu atsate msinkhu, manambala atsate malonda. Mayiyu amatsitsa mawu kuti ena pamzere asamve, n'kunena kuti: "Pepani bambo, mwina ndine ndasokoneza. Tiyeni tiwerengere limodzi." Amaika pa thebulo pepala la K5,000 limene walandira, ndiye chifukwa chake ogulitsa ozolowera saliponya m'kabati chenji chisanaperekedwe. Amatchula katundu mmodzimmodzi ndi mtengo wake, pang'onopang'ono, n'kuwerenga chenji mokweza pang'ono. Kenaka amawapatsa khomo lotulukira: "Mwina inayo yatsalira m'thumba la malaya, tayang'ananimo." Akaipeza, mayiyu sanena kuti "mwaona?" Amati "zimachitika bambo, mapepalawa amamatana", n'kuwapatsira katundu wawo ndi manja awiri, n'kuitana wotsatira pamzere.